Sikirini yowala, pepala lakuda: kukonza mitundu ya monita ndi kalarimita

Chithunzi chomwe chinandichititsa kugula kalarimita, kachipangizo koyeza mitundu ya sikirini, chinali cha bambo wina wachikulire atavala jekete lakuda, ataima pakhomo dzuwa litapendeka. Ndinachikonza usiku, magetsi a m'chipinda ndili nditazimitsa, ndipo pasikirini chilichonse chinkaoneka bwino: ulusi wa nsalu ya jekete, mapindo a pachigongono, makwinya a pamphumi. Nditakachitenga kwa osindikiza, jekete lija linali chibanthu chimodzi chakuda bii, nkhope ya bamboyo itazimirira ndiponso ikuoneka yachikasu. Ndinawadandaulira kuti makina awo awononga ntchito yanga. Iwo anatsegula failo yomweyo pamonita yawo, ndipo chithunzi chomwe ndinaona pamenepo chinali chofanana ndi cha papepala. Pulinta inasindikiza zomwe zinali m'failo. Monita yanga ndiyo inkandionetsa zina.

Failo ya chithunzi simusunga mtundu, imasunga manambala. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, ndipo m'zithunzi zambiri nambala iliyonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Monita iliyonse imasandutsa manambala amenewa kukhala kuwala m'njira yakeyake, malinga ndi nyali yomwe ili kuseri kwa galasi lake, zosefa mitundu zake, ndi mmene anaitcherera kufakitale. Mamonita ambiri amatuluka m'bokosi ali owala kwambiri, kuyera kwake kukupendekera ku buluu. Maso athu sadandaula nazo chifukwa amazolowera msanga. Mukayang'ana sikirini yabuluu kwa mphindi zingapo, ubongo umaitenga ngati yoyera, ndipo dzanja lanu limayamba kuwonjezera chikasu pachithunzi kuti khungu la munthu lioneke lamoyo. Chikasu chimenecho chimalowa m'failo, ndipo papepala chimaonekera chonse. N'chifukwa chake kutchera monita ndi maso okha sikufika patali: chida chomwe mukuyezera nacho chimasintha pamene mukuyeza.

Kalarimita sizolowera. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kolumikiza pa USB, komwe mumakakoloweka pagalasi la sikirini. M'kati mwake muli timaso toyeza kuwala tomwe tili kuseri kwa zosefa zopangidwa motsanzira mmene diso la munthu limamvera mitundu. Zodziwika kwambiri ndi za Calibrite, zomwe kale zinkagulitsidwa m'dzina la X-Rite i1Display, ndi za Datacolor Spyder. Chilichonse chimabwera ndi pulogalamu yake, koma palinso DisplayCAL, yaulere, yomwe pansi pake imayendera ArgyllCMS.

Ntchito ndi ziwiri, ngakhale batani ndi limodzi

Anthu ambiri amasokonezeka apa, ndipo ineyo ndikuona kuti mukamvetsa apa zina zonse zimapepuka. Pulogalamu ikamagwira ntchito ndi kalarimita imachita zinthu ziwiri zosiyana motsatizana.

Choyamba ndi kutchera monita, kutanthauza kusintha khalidwe lake kuti lifike pomwe mwasankha. Mumasankha zinthu zitatu: kuyera kukhale kwa mtundu wanji, kukhale kowala motani, ndiponso kuwala kuzikwera bwanji kuchokera pakuda kufika pakuyera. Zina mwa izi mumazisintha ndi mabatani a monita. Zotsalazo pulogalamu imazikonza polemba timizere titatu tokhotetsa, kamodzi pa mtundu uliwonse, tomwe timaikidwa m'khadi ya zithunzi ya kompyuta nthawi iliyonse ikayaka. Kusintha kumeneku kumakhudza chilichonse chooneka pasikirini, ngakhale tizithunzi ta padesikitopu.

Chachiwiri ndi kulemba pulofailo. Apa monita sisinthidwanso. Pulogalamu imaonetsa mabokosi a mitundu yosiyanasiyana, kalarimita n'kumayeza mtundu weniweni womwe watuluka, ndipo zotsatira zake zimasungidwa m'failo ya `.icc` kapena `.icm`. Failo imeneyi ili ngati kalata yofotokoza monita yanu: kufiira kwake kumalekezera apa, kubiriwira kwake apa, ukaituma manambala akutiakuti imatulutsa mtundu wakutiwakuti. Kalembedwe ka mafailo amenewa kanakhazikitsidwa ndi bungwe la International Color Consortium, lomwe linayamba mu 1993. Koma kalata imathandiza pokhapokha wina akaiwerenga. Photoshop, Lightroom, Capture One, darktable ndi GIMP zimatha kuwerenga pulofailo ya monita, n'kusintha manambala opita kusikirini kuti mtundu utuluke woona. Pulogalamu yosawerenga pulofailo imangotumiza manambala momwe alili. Ngati monita yanu ili ya mitundu yotambalala, yofika pa Adobe RGB kapena Display P3, pulogalamu yotere imaonetsa chithunzi cha sRGB, muyezo wa mitundu ya mamonita wamba, chili chofiira mopitirira, khungu la munthu ngati lapsa. Munthu akaona izi amaganiza kuti kuyeza kwalephera, pomwe vuto lili m'pulogalamu yomwe watsegulira chithunzicho.

Popeza pulofailo imafotokoza monita yomwe yatcheredwa kale, ziwirizi n'zomangana. Mukakhudza batani la Brightness kapena Contrast mawa lake, kalata ija ikufotokoza monita yomwe kulibenso.

Kuwala ndiko kumadetsa mapepala

Pa zinthu zitatu zomwe mumasankha, ziwiri sizivuta kwenikweni. Pa kakweredwe ka kuwala, komwe amati gama, sankhani 2.2. Tanthauzo lake ndi lakuti nambala ya pakati, 128, situlutsa theka la kuwala koma pafupifupi magawo 22 pa 100 alionse. Pa mtundu wa kuyera, yambani ndi D65, komwe ndi pafupifupi 6500 K pa muyezo womwe nambala ikamakwera kuyera kumapendekera ku buluu, chifukwa ndi kuyera komwe sRGB ndi Adobe RGB zinamangidwirapo. Tibwererako pang'ono kumeneku.

Chachitatu, kuwala kwa kuyera, ndicho chomwe kalarimita singakusankhireni, ndipo ndicho chinadetsa jekete lija. Kuwala kwa sikirini kumayezedwa m'makandela pa sikweyamita, cd/m². Nditayeza monita yanga koyamba, isanasinthidwe chilichonse, inali pa 280. Pepala lilibe nyali yakeyake, limangobweza kuwala komwe kwaligwera. Mukhoza kuwerengera kuwala kwake motere:

```
cd/m² = lux × kubweza ÷ π
300 × 0.9 ÷ 3.14 = 86
```

Ndiye kuti m'chipinda chomwe kuwala kwake ndi malakisi 300, muyezo wa kuwala komwe kukugwera pachinthu, pepala loyera lobweza magawo 90 pa 100 limawala pafupifupi makandela 86. Monita yanga inali yowala kuposa pamenepo katatu ndi kupitirira. Tsopano tengani nsalu ya jekete lija, yomwe m'failo inali pafupi ndi nambala 40. Pa gama 2.2, nambala 40 imapereka magawo osakwana 2 pa 100 a kuwala konse. Pamonita ya 280 amenewo ndi makandela pafupifupi 4.8, ndipo m'chipinda chamdima diso limaona ulusi uliwonse. Papepala la 86 ndi makandela 1.5 okha, pamene diso lazolowera makoma ndi tebulo zowala zozungulira pepalalo. Komanso inki yakuda kwambiri imabwezabe kuwala pang'ono, kotero kusiyana kwa pakati pa kuyera ndi kuda, komwe pamonita wamba kumafika cha pa 1000:1, papepala lonyezimira kumakhala cha pa 200:1 kapena 300:1, ndipo papepala losanyezimira kumatsika kwambiri. Mithunzi yonse imapanikizana m'kampata kakang'ono. Ine, poona chithunzi chowala pasikirini, ndinkatsitsa Exposure kuti chikhale bwino m'maso mwanga, ndipo kutsitsa konseko kunapita kwa osindikiza.

Okonza zithunzi ambiri amaika monita pakati pa 80 ndi 120 cd/m². Muyezo wa sRGB weniweniwo unalembedwa poganizira sikirini ya 80. Nambala 120, yomwe mapulogalamu ambiri amayamba nayo, si lamulo. Ndi yoyenera chipinda chowala ndithu. Ngati mumagwira ntchito m'chipinda chachizirezire, 120 ikhoza kukhalabe yowala kwambiri ndipo mapepala azitulukabe akuda pang'ono. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yosavuta: tsegulani tsamba loyera pasikirini, gwirani pepala losalembedwa lomwe mumasindikizapo pansi pa nyali yomwe mumaonera zithunzi, ndipo muziyang'ana uku ndi uku. Ngati sikirini ikuoneka ngati nyali pamene pepala likuoneka lotuwa, tsitsani. Zikayamba kuoneka zowala mofanana, yezani ndi kalarimita, ndipo nambala yomwe mwapeza ndiyo yanu. Yanga inatuluka 100.

Izi zikutanthauzanso kuti kuwala kwa m'chipinda kusamasinthesinthe. Monita yomwe ili bwino masana makatani ali otsegula imakhala yowala kwambiri usiku. Ndibwino kutseka makatani n'kugwiritsa ntchito nyali imodzimodzi nthawi zonse, yosaomba pagalasi la sikirini, kusiyana n'kumathamangitsa dzuwa ndi batani la Brightness.

Tsiku loyeza

Yatsani monita kwa mphindi zosachepera 30 musanayambe, chifukwa kuwala ndi mtundu wake zimasuntha ikamatenthedwa. Pukutani galasi. Kenako zimitsani chilichonse chomwe chimasintha sikirini chokha: Night light pa Windows, Night Shift ndi True Tone pa Mac, kuwala kodzisintha kokha palaputopu, HDR, ndi zinthu za m'menyu ya monita zonga Dynamic Contrast, Eco kapena Low Blue Light. Chimodzi mwa izi chikangotsala choyaka, monita imasintha kalarimita ili m'kati moyeza, ndipo pulofailo imatuluka yopotoka. M'menyu ya mitundu sankhani User kapena Custom, pomwe pali manambala atatu a R, G ndi B omwe mungathe kuwasintha. Contrast isiyeni pomwe inali pochokera kufakitale. Pendeketsani monita chagada pang'ono kuti kalarimita igone bwino pagalasi popanda kuikanikiza, ndipo kuwala kwa m'mbali kusalowe pansi pake.

Musanadine batani loyambira pali funso limodzi lomwe ambiri amalidumpha: nyali ya kuseri kwa sikirini yanu ndi ya mtundu wanji? Zosefa za kalarimita sizifanana ndendende ndi diso la munthu, ndiye pulogalamu imafunika kudziwa kuwala komwe ikuyeza kuti ikonze kusiyanako. Mu DisplayCAL malo ake ndi Correction, ndipo mumasankha pakati pa mayina onga White LED, PFS Phosphor kapena OLED. Mafailo ake amathera ndi `.ccss` kapena `.ccmx`. Mamonita ambiri wamba a sRGB ali ndi White LED. Ambiri a mitundu yotambalala ali ndi nyali zina, ndipo muyenera kufufuza dzina la monita yanu kuti mudziwe. Mukasankha molakwika, pulogalamu idzanena kuti mwafika pa D65 pamene maso anu akuona kuyera kopendekera ku pinki kapena ku kubiriwira.

Kuyeza kukayamba, pamabwera bokosi loonetsa mizere itatu, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, pamodzi ndi nambala ya kuwala. Apa ndi pomwe pamafunika kudekha. Monita yanga inayamba ili cha pa 7200 K, mzere wabuluu utapitirira pakati. Ndinatsitsa B pang'onopang'ono kuchoka pa 100 kufika pa 91, G kufika pa 97, R ndinaisiya pa 100. Lamulo lake ndi lakuti muzitsitsa mtundu womwe wachuluka, osakweza womwe wachepa kupitirira pomwe unali, chifukwa pamamonita ambiri kukweza kumadula mitundu yowala kwambiri n'kuisandutsa chinthu chimodzi. Mizere itafanana, ndinatsitsa Brightness kuchoka pa 90 mpaka pa 24, pomwe kalarimita inawerenga 100 cd/m². Kutsitsa kuwala kunasunthanso mizere ija pang'ono, ndiye ndinabwerera ku G n'kuichotsa kamodzi. Manambala amenewa ndi a monita yanga yokha. Ina ya mtundu womwewo ikhoza kufuna ena.

Wina angafunse kuti bwanji osangoisiya pulogalamu ikonze zonse m'khadi ya zithunzi. Ikhoza kutero, koma pali mtengo wake. Ngati chithunzi chikupita kumonita ndi masitepe 256 pa mtundu uliwonse, ndipo pulogalamu yadula buluu kuti azilekeza pa 230 m'malo mwa 255, masitepe 25 atayika. Zotsatira zake zimaoneka pathambo la m'chithunzi kapena pakhoma losalala: m'malo moti mtundu usinthe mosalala, pamaoneka mikwingwirima, ina yopendekera ku pinki, ina ku kubiriwira. Mukakonza zambiri ndi mabatani a monita, timizere ta m'khadi timatsala pafupifupi towongoka ndipo masitepe sataika ambiri. Palaputopu palibe mabatani a R, G ndi B. Pamenepo nthawi zambiri ndibwino kusankha As measured pa Whitepoint ngati kuyera kwake sikuli kutali ndi 6500 K, n'kulola maso azolowere. Mamonita opangidwira okonza zithunzi, monga Eizo ColorEdge ndi BenQ SW, amalemba zosinthazo m'kati mwa monita momwemo ndi masitepe ochuluka kwambiri, ndipo pa amenewa muyenera kugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani yake kuti mupindule nazo.

Zikatha izi mumangodikira mabokosi a mitundu akusinthana pansi pa kalarimita. Musakhudze mbewa, ndipo onetsetsani kuti sikirini sizima yokha. Pa mtundu wa pulofailo, ine ndimalangiza wosavuta, womwe mu DisplayCAL umatchedwa Single curve + matrix. Umasunga mitundu yotuwa yosadetsedwa ndipo mapulogalamu onse amaumva. Mapulofailo akuluakulu a XYZ LUT amatha kufotokoza bwino monita yosakhazikika, koma mapulogalamu ena sawawerenga bwino. Kwa okonda kulemba malamulo okha, ArgyllCMS imachita ntchito yomweyi motere:

```
dispcal -v -t 6500 -b 100 -g 2.2 -o monita
dispwin -I monita.icc
```

Lamulo loyamba limatchera pa 6500 K, makandela 100 ndi gama 2.2, n'kulemba pulofailo. Lachiwiri limaiika kuti ikhale ya monitayo. Pa Windows failoyo imathera ndi `.icm` ndipo imakakhala mu `C:\Windows\System32\spool\drivers\color`. Mukalemba `colorcpl` mumaona pulofailo yomwe yapatsidwa kwa monita iliyonse. Pa Mac malo ake ndi `~/Library/ColorSync/Profiles`.

Mukamaliza, sikirini idzaoneka yazii, yachikasu ndiponso yamdima. Pafupifupi aliyense amamva choncho tsiku loyamba, chifukwa maso anazolowera buluu ndi kuwala kwa kale. Musabwezere. Pitani kunja kwa kanthawi, mukabwerera mudzapeza kuti kuyera kwayeranso.

Mungadziwe bwanji kuti zatheka

Mapulogalamu amapereka lipoti la manambala a ΔE, omwe amaonetsa kutalikirana kwa mtundu womwe unafunika ndi womwe watuluka. Pansi pa 1 diso silimaona kusiyana kwenikweni, ndipo avereji yosafika 2 ndi yabwino pa ntchito ya zithunzi. Koma lipotili lili ndi malire omwe tiyenera kuwanena poyera: chida chomwe chikuyesa ndi chomwecho chomwe chinayeza. Ngati munasankha Correction yolakwika, kalarimita ibwereza cholakwa chomwecho n'kudzipatsa yokha mamalikisi abwino. Komanso imayeza pakati pa sikirini pokha. Ngati ngodya ya kumanzere ndi yapinki pamene ya kumanja ndi yobiriwira, palibe pulofailo yomwe ingachize zimenezo.

Choncho ine ndimawonjezera mayeso a maso. Mu Photoshop ndimapanga mzere wochoka pakuda kufika pakuyera n'kuuyang'ana bwinobwino: ukhale wotuwa paliponse, wopanda mikwingwirima ya mitundu. Ndimapanganso mabokosi a manambala 0, 4, 8 ndi 12 pamalo akuda, kuti ndione pomwe mthunzi ukuyamba kusiyana ndi kuda kwenikweni. Akasowa onse mpaka 12, ndiye kuti mithunzi yaphwanyika, mwina ndi pulofailo, mwina ndi kuwala kwa m'chipinda komwe kukugwera pagalasi.

Pali zolakwa ziwiri zomwe ndimaziona kawirikawiri pambuyo pake. China ndi kutenga pulofailo ya monita n'kuiika ngati malo ogwirira ntchito mu Color Settings ya Photoshop, kapena kuimata pachithunzi potumiza. Pulofailo ya monita ndi ya monita basi, Photoshop imaipeza yokha. Chithunzi chikhale mu sRGB, Adobe RGB kapena ProPhoto RGB, ndipo chizipita ndi pulofailo yakeyo. China ndi timizere ta m'khadi tija kufufutika kompyuta ikadzuka kutulo, mukasewera gemu, kapena dalaivala ya khadi ikasinthidwa. Chizindikiro chake ndi sikirini kubwerera mwadzidzidzi ku buluu wakale. DisplayCAL ili ndi kapulogalamu kotchedwa Profile Loader komwe pa Windows kamatibwezeretsa, ndipo musalole mapulogalamu a makampani awiri kuti azilimbirana ntchito imeneyi pakompyuta imodzi.

Tibwerere ku D65. Muyezo wa ISO 3664, wa kaonedwe ka zosindikiza, umanena kuti pepala lizionedwa pansi pa kuwala kwa D50, pafupifupi 5000 K. Ena amaganiza kuti ndiye monita nayonso ikhale pa D50. Mukayesa, nthawi zambiri sikirini imaoneka yachikasu kuposa pepala lomwe lili pambali pake, ndipo ambiri oyerekeza ziwirizi moyandikana amakathera cha pa 5500 mpaka 6000 K. Ngati zithunzi zanu zambiri zimapita pa intaneti, khalani pa D65. Ngati mumasindikiza, pezani nyali yabwino yoonera mapepala musanayambe kusuntha kuyera kwa monita, chifukwa pansi pa babu lachikasu la 2700 K pepala lililonse lidzaoneka lachikasu ngakhale monita ili bwino chotani.

Chithunzi cha bambo uja ndinachitsegulanso pamonita ya makandela 100. Nthawi yomweyo ndinaona zomwe osindikiza anaona: nkhope yamdima, jekete lopanda ulusi, chikasu pamphumi. Ndinakweza Exposure ndi 0.6, ndinatsegula Shadows mpaka nsalu ija inachoka pa 40 kufika cha pa 58, ndipo ndinabweza Temp pang'ono kuti chikasu chichepe. Kenako ndinapempha osindikizawo pulofailo ya pulinta ndi pepala lawo, n'kuiika pa View > Proof Setup > Custom, nditachonga Simulate Paper Color. Mithunzi inafotanso pang'ono, monga mmene pepala limachitira, ndipo ndinaiwonjezera mphamvu pakopi yopita kukasindikizidwa yokha. Pepala lachiwiri litabwera, ndinaliika pansi pa nyali pambali pa sikirini, ndipo mapindo a pachigongono analipo onse. Manambala anayi aja a R, G, B ndi Brightness, 100, 96, 91 ndi 24, ndinawalemba pakapepala n'kumata kuseri kwa monita, ndipo ndimabwereza kuyeza pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa nyali ya m'kati imanka ikuzirala ndipo Brightness imafunika kukwezedwa pang'ono kuti ifikebe pa 100.